Kabango ka Ambuya

Lero tabwera ndi kankhani ka mnyamata wina ndi nsapato zake zoyamba. Ife tinagwira choko zaka zambiri m'masukulu akumidzi kuno kum'mawa, ndipo ana amene anadutsa m'manja mwathu sitingawawerenge. Koma uyu sitimuiwala, chifukwa anatiphunzitsa ife aphunzitsi chinthu chimene sitinachiphunzire ku koleji. Dzina lake ndi la sukulu yake tazisunga, popeza lero ndi bambo wa ana ake. Tizingomutchula kuti mnyamata wathu.

Munali m'zaka zoyamba boma litangochotsa malipiro a sukulu kuyambira Geredi 1 mpaka Geredi 7. Lamulo limenelo linabwera mu 2002, ndipo linanenanso kuti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa yunifomu. Ana anadzaza m'makalasi, ena ochokera kumidzi yakutali imene kale sinkatumiza mwana aliyense. Mnyamata wathu anali mmodzi wa iwo. Ankakhala ndi ambuya ake, amayi a amayi ake, pamudzi wina kuseri kwa phiri, makilomita 8 kuchokera kusukulu. Makolo ake onse awiri anali atatsogola kale.

Popeza ndife aphunzitsi, tiloleni tiwerengere pang'ono. Makilomita 8 kupita ndi 8 kubwera ndi 16 pa tsiku. Pa masiku asanu a sukulu ndi makilomita 80. Temu imodzi ya masabata 13 ikwana makilomita 1,040. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Ndiye kuti temu iliyonse mwana uyu ankayenda mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi kupita ku Lusaka ndi kubwerako, wapansi, wopanda nsapato.

Njira yakeyo inkasintha ndi nyengo. Mu Juni ndi Julayi ankanyamuka kusanache, mame ozizira akumuluma zala, ndipo zidendene zinkang'ambika ming'alu yolowa kamtengo ka machesi. Mu Okutobala vuto linali pobwerera. Masana mchenga unkatentha ngati phale, moti ankathamanga kuchoka pamthunzi wa mtengo uwu kukaima pa winawo. Dzinja likafika, dambo linkadzaza madzi, matope n'kubisa minga ndi zitsa. Phazi lake linali litauma pansi ngati chikopa, zala zitatambasuka. Anzake ankati phazi lotere silimva munga. Linkamva, kungoti mwini wake anali atasiya kudandaula.

Tsono apa tiulule kulakwa kwathu. Mnyamatayu ankachedwa kawirikawiri, ndipo lamulo la pasukulu linali lakuti wochedwa atchetche udzu kapena atunge madzi. Tinkamupatsa chikwakwa popanda kufunsa. Tinkayang'ana wotchi, tinkayang'ana kope lake, tinkayang'ana ngati wapesa tsitsi. Pansi pa desiki sitinkayang'anapo.

Ali mu Geredi 6, mvula ili pakati, anajomba masabata atatu. Tinaganiza kuti wapita koweta ng'ombe za anthu, monga ankachitira anyamata ambiri. Mmodzi wa ife anapalasa njinga Loweruka kukaona. Anamupeza atakhala pakhonde, phazi lamanzere litatupa, lili pa kampando. Munga unali utathyokera mkati, ndipo ambuya anayesa kuuchotsa ndi singano koma kansonga kanatsalira. Malowo anali otentha, ofiira, akutulutsa mafinya, ndipo mwanayo anali ndi mwanabere m'mphechepeche. Zizindikiro zimenezi, abale, sizifuna kudikira. Bala la kuphazi likatupa n'kumatentha, kapena mwana akayamba kutentha thupi, malo ake ndi kuchipatala, chifukwa bala la munga kapena la msomali lingalowetsenso kafumbata. Anamukweza pa njinga mpaka ku kiliniki, komwe anatsuka balalo, kuchotsa kamunga kaja ndi kumupatsa mankhwala.

Anesi a kumeneko anaonanso kuti zikope zake zinali zoyera mkati ndipo zikhato zinali zotuwa. Anafotokoza kuti pali njoka zina zam'mimba zimene sizilowera pakamwa. Timphutsi take timakhala m'dothi lonyowa pamene anthu adzithandizira patchire, timaboola khungu la phazi, n'kukakhazikika m'matumbo kumene timayamwa magazi. Mwana wotere amatopa msanga, amawodzera m'kalasi, ndipo ife timamutcha waulesi. Anamupatsa mankhwala a njoka, nati kwa ambuya: “Mwanayu afunika nsapato, apo ayi zidzabweranso.”

Ambuya anangoti, “Ndamva, amayi.” Koma m'nyumba mwawo munalibe ngakhale ngwee.

Uthenga unafika kwa atsibweni ake a mnyamatayo, amene ankagwira ntchito yaulonda ku Lusaka. Munthu wa mtima wabwino ndithu. Analowa pa salaula, nasankha nsapato zakuda zonyezimira, zosongoka kutsogolo, natumiza ndi munthu wa pabasi. Posankhapo anangokumbukira mwana amene anamuona pa maliro zaka ziwiri zapitazo. Tsiku limene nsapatozo zinafika, mudzi wonse unabwera kudzaona. Mnyamata wathu anakankha phazi, nakankhanso, mpaka linalowa. Ambuya anafunsa, “Zakukwana, mdzukulu wanga?” Iye anati, “Zandikwana, ambuya.” Akanayankha bwanji mwina, anthu onse akuombera m'manja?

Lolemba anazivala popanda sokosi, nayenda makilomita 8 aja. Anafika kusukulu akutsimphina, koma nkhope ili mwee. Pobwerera matuza anali ataphulika kuzidendene zonse ziwiri ndi pa tizala tating'ono. Lachiwiri anavalanso, poopa kukhumudwitsa ambuya. Lachitatu anatuluka nazo pakhomo atavala, atangopota pa chulu anavula, nazibisa m'chitsamba, napita kusukulu chosavala ndi zilonda zake. Madzulo ankazitenga, n'kuvalanso pafupi ndi mudzi. Anachita zimenezi sabata yathunthu.

Amene anatulukira ndi ambuya. Usiku wina anaona kuti mwanayo akusamba mapazi mobisa kuseri kwa nkhokwe. Anamuitana, nayatsa koloboyi, namuuza kuti akhale pamphasa. Atawona zilondazo anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, “Iwe, unandinamiziranji?” Mnyamatayo analira, nati, “Ndinaopa kuti atsibweni adzati ndine wosayamika.” Ambuya anati, “Kuyamika n'kwina, kukwana n'kwina. Tidzawathokoza atsibweni ako, koma phazi silimva zikomo.”

Nsapato zija anazipereka kwa mwana wina wamng'ono wa pamudzipo, amene zinamukwana bwino, ndipo makolo ake anabweza ndi nkhuku imodzi. Mnyamata wathu anabwerera ku mapazi ake. Koma tsopano anali ndi manyazi awiri, chifukwa anzake anali atamuona ndi nsapato, ndipo anayamba kumufunsa kuti zapita kuti. Anauza ambuya kuti sukulu yamukwana, bola akawete ng'ombe. Apa ndi pamene nkhaniyi inkafuna kuthera, monga zinathera nkhani za ana ambiri amene mayina awo tinawafufuta m'kaundula.

Ambuya sanakangane naye. Anamutengera kumunda wa nshawa umene anali atabzala kuseri kwa nyumba, naloza mizere ya kumapeto, nati, “Kuyambira pa mtengo wa msuku uwo mpaka kumalire, nshawa izi si zodya ndipo si za mbewu. Izi ndi nsapato zako. Iwe uzipita kusukulu, Loweruka uzipalira.” Mwana akaona chinthu ndi maso ake chikukula m'munda, amapirira mosiyana ndi pamene wangolonjezedwa pakamwa. Anapalira, anakumba mu Epulo ndi Meyi, anayanika, ndipo madzulo a mwezi wa Juni iye ndi ambuya ankakhala pamoto akuswa nshawa mpaka zala kuwawa. Zinakwana madebe atatu zoswa. Atsibweni atamva zimene zinachitika sanakwiye. Anatumiza kandalama koonjezera, ndi mawu akuti ulendo uno mwanayo ayezedwe.

Tsono mverani mmene anayezera, chifukwa mtima wa nkhani yathu uli pamenepa. Ndalama ya galimoto yopita ku Katete inali yokwana munthu mmodzi, ndiye phazi linayenera kupita mwini wake atatsala. Ambuya anadikira madzulo, mnyamatayo atangofika kuchokera kusukulu, chifukwa phazi limene layenda tsiku lonse limafufuma pang'ono, ndipo nsapato yoyezedwa m'mawa imathina madzulo. Anamuuza kuti aimirire, osati kukhala, popeza phazi limatambasuka likasenza thupi. Anamuimika chidendene chitagunda chipupa cha nyumba. Kenaka mayi wokalambayo, ndi mawondo ake owawa, anagwada pansi. Anagoneka kabango m'mbali mwa phazi kuchokera kuchipupa mpaka kunsonga ya chala chachitali koposa, nalemba ndi mpeni. Anayeza mapazi onse awiri, napeza kuti lamanja linali lalitaliko pang'ono, natsata limenelo. Pa chizindikiro chija anaonjezera m'lifupi mwa chala chawo chachikulu cha kudzanja, kuti zala zipeze popumira ndi pokulira, nadula bangolo pamenepo.

Mnyamatayo anabwera nako kabangoko kusukulu kudzationetsa. Ife tinaona kuti kabango kanena kutalika kokha, pamene nsapato za ku Lusaka zija zinamupweteka kwambiri m'mbali. Phazi limene lakula osavala nsapato limakhala lotambalala kutsogolo kuposa la mwana wa m'tauni wa msinkhu womwewo. Choncho tinatenga katoni ya choko, tinamuimika pamenepo, ndipo nafenso tinagwada, kulemba mozungulira phazi lake ndi pensulo yoimirira chilili. Tinadula chithunzi cha phazicho ndi lumo. Kunena zoona, m'zaka zonse zimene mwanayu anakhala m'kalasi mwathu, limeneli linali tsiku loyamba kuona mapazi ake pafupi. Tinaona ming'alu, zipsera za matekenya m'mbali mwa zikhadabo, ndi chipsera cha munga uja. Tinakumbuka chikwakwa chimene tinkamupatsa, ndipo tinasowa chonena.

Ambuya anapita ku Katete ndi nshawa zawo, kabango ndi katoni zili m'chitenje. Atagulitsa, analowa m'sitolo ya nsapato. Wogulitsa anafunsa, “Saizi yanji, ambuya?” Iwo anatulutsa kabango, nati, “Saizi yake ndi iyi, mwanangu.” Mnyamata wa m'sitoloyo anaseka pang'ono, koma anawathandiza. Nsapato yoyamba, kabango kanakana kugona pansi, kanatsamira. Yachiwiri, kabango kanagona bwino kuchokera kuchidendene mpaka kunsonga, koma katoni itsalowa inapindika m'mbali, kusonyeza kuti nsapatoyo inali yopapatiza. Yachitatu inali yachikopa, yakuda, yazingwe, yobulungira kutsogolo. Kabango kanagona, katoni inalowa osapindika. Ambuya anaipinda ndi manja kuti aone ngati ikupindikira pamene phazi limapindikira, pafupi ndi zala. Anakanda pansi pake ndi chikhadabo, nayang'ana ngati mpheto zake zagwira. Wogulitsa anawalangiza kuti atenge yaikulu kwambiri kuti mwana akuliremo zaka zambiri. Iwo anakana. Nsapato yaikulu mopitirira imakhuthuka poyenda, chidendene chimakhuzika, ndipo matuza ake ndi omwewo a nsapato yothina.

Anafika kumudzi dzuwa litalowa. Ulendo uno sanaitane anthu. Anatenthetsa madzi, namusambitsa mnyamatayo mapazi, nawapukuta pakati pa zala, nadzoza mafuta m'ming'alu. Ife aphunzitsi tinali titasonkha sokosi ziwiri ndi kachitini ka polishi. Anavala sokosi, nalowetsa phazi, ndipo linalowa popanda kukankha. Ambuya anadina ndi chala kunsonga kwa nsapato, napeza mpata uja ulipo. Anati, “Gwedeza zala.” Zinagwedezeka. Anati, “Yenda ukafike pankhokwe ubwere.” Anapita, nabwera. Anafunsa, “Tsopano undiuze zoona, zikuluma pati?” Mnyamatayo anaima, akumvetsera mapazi ake ngati munthu womvetsera mvula ikubwera patali. Kenaka anati, “Paliponse ayi, ambuya. Koma pansi sindikupamva.” Ambuya anaseka mpaka kutsokomola, nati, “Ndiye nsapato zimenezo.”

Taphunzira pa zoyamba zija, sitinamulole kuyenda nazo makilomita 16 tsiku loyamba. Chikopa chatsopano n'chouma, chimafuna kuzolowerana ndi phazi. Masiku oyamba ankavala pakhomo madzulo okha, kupita kuchitsime ndi kubwera. Lamulungu anavala kutchalitchi. Sabata yachiwiri ankavala popita, pobwerera n'kuvula akamva kutentha pachidendene, chifukwa malo ofiira otentha ndiwo amayamba thuza lisanatuluke. Pofika sabata yachitatu zinali zake ndithu.

Komabe m'mawa wina tinamuona akutulukira patali, nsapato zili pakhosi, atamanga zingwe pamodzi. Atafika pa mtengo wa mango wa pafupi ndi sukulu anakhala pansi, napukuta mapazi ndi masamba, navala, nalowa m'bwalo ngati bwana. Tinamuitana. “Iwe, ambuya ako anagula nsapato za khosi kapena za mapazi?” Iye anayankha mwaulemu, “Aphunzitsi, munatiphunzitsa nokha kuti ndimayenda makilomita 80 pa sabata. Ndikamavala njira yonse zidzatha ndisanalembe Geredi 7. Nshawa zina zidzachokera kuti?”

Mwanayo sanalakwe masamu. Koma minga ndi njoka zija sizinali m'kalasi, zinali m'njira, ndipo nsapato yovala pa simenti pokha imateteza ulemu, phazi n'kulisiya pangozi. Tinakambirana ndi ambuya, ndipo yankho linapezeka kwa mkulu wina wosoka nsapato pamsika wa pafupi. Iye anadula mphira wa tayala lakale, nausokerera pansi pa nsapatozo zisanayambe kudyeka, nati mphirawo ukatha adzaikanso wina, chikopa cha pamwamba chili chikhalire. Pa zotsala za tayala lomwelo anamupangira nkhwayira za m'dzinja, zowolokera dambo ndi kuyendera m'matope, nsapato zili m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi makope. Anamulangizanso zinthu zitatu. Nsapato ikanyowa asaiumike pamoto kapena padzuwa lamphamvu, chifukwa chikopa chimauma gwa n'kusweka, koma aikemo mapepala ndi kuisiya pamthunzi podutsa mphepo. Azipaka polishi kawiri pa sabata, osati chifukwa cha kunyezimira kokha, koma kuti chikopa chisamwe madzi. Ndipo m'mawa uliwonse aziigubuduza ndi kuikutumula asanavale, popeza chinkhanira chimakonda mdima wa mu nsapato.

Nsapato zimenezo zinamufikitsa pa mayeso a Geredi 7, ndipo anakhoza. Sitinena kuti nsapato ndizo zinalemba mayeso. Tikunena kuti chaka chimenecho sanajombe chifukwa cha bala, ankafika belu lisanalire, ndipo anasiya kubisa miyendo pansi pa desiki. Pamene zinamuthina, anazipukuta bwino, napatsa mng'ono wake wa kwa amayi aang'ono, atayamba wamuyeza ndi kabango.

Okondedwa, m'nkhaniyi munali mphatso ziwiri. Zonse zinachokera m'chikondi, ndipo ya ku Lusaka inali yonyezimira koposa. Koma ina inagulidwa poganizira mwana wa m'chikumbumtima, ina inagulidwa munthu atagwada n'kugwira phazi lenileni. Mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 15, mwana wolowerera atabwerera kwawo, atate wake analamula kuti amuveke mkanjo, mphete, ndi nsapato kumapazi. Atate ameneyo anayang'ana mwana wake mpaka pansi. Ndipo mu Yohane mutu 13, Ambuye wathu anagwira mapazi a ophunzira ake mmodzimmodzi ndi kuwasambitsa. Phazi sungalidziwe uli chiimire.

Ifeyo m'mipingo mwathu timasonkha zovala ndi nsapato za ana amasiye, ndipo tichita bwino. Koma tisanagawe, tiyeni tiyeze. Mwana aimirire madzulo, chidendene kuchipupa, kabango m'mbali, chala chimodzi choonjezera, ndi katoni ya m'lifupi. Tikamufunsa ngati zamukwana, tisamufunse pamaso pa gulu, chifukwa mwana wosauka amavomera chilichonse poopa kutchedwa wosayamika. Timufunse pambali, ndipo pakapita masiku atatu tionenso zidendene zake. Inu aphunzitsi anzathu amene mukali pantchito, mwana akachedwa, yambani mwayang'ana kumapazi musanatenge chikwakwa.

Ambuya aja anatisiya kalekale. Pamene tinapita kukapepesa maliro, tinaona kabango kaja katsomekedwa kudenga, pamwamba pa chitseko, katada ndi utsi. Mnyamata wathu, amene tsopano anali wamtali kutiposa, anakatsitsa, nakayerekeza ndi phazi lake. Kanafika pakati pa zala ndi pamene phazi lithera. Anakabwezera pamalo pake osanena kanthu.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, mudziwa njira iliyonse imene ana athu ayenda m'mawa uno, ya mame, ya minga ndi ya matope. Sungani mapazi awo. Tipatseni ife akulu mawondo ofewa, kuti tigwade ndi kuona chimene mwana akusowadi tisanatambasule dzanja lopatsa. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.